Chaja ya laputopu pa foni yaing'ono: yambani mwawerenga mzere wa OUTPUT

Magetsi akabwera patatha maola ambiri atathima, aliyense amathamangira pasoketi, ndipo nthawi zina chaja imene ili pafupi imakhala ya laputopu, yolembedwa 65W, pamene foni ili m'manja ndi kakang'ono kokhala ndi chaja ya 10W. Anthu ambiri andifunsapo ngati chaja yotere singaotche foniyo. Yankho langa ndi ili: ngati chajayo ndi ya USB-C yeniyeni, ija ya kamutu kakang'ono kolowa mu foni ngakhale mutakatembenuza, tchajani osaopa. Ngati ndi ija ya kamutu kozungulira ngati kapaipi, musayese n'komwe, ngakhale mutapeza kolumikizira kokwana bwino.

Nambala ya 65W, kutanthauza mawati 65, ndi imene imaopseza anthu, koma siitanthauza kuti chaja imakankhira mphamvu yonseyo mu foni. Imangonena malire a zimene chajayo ingapereke. Zili ngati nkhokwe yodzaza chimanga: wobwera ndi lichero amatapa za lichero, wobwera ndi ngolo amatapa za ngolo, ndipo kukula kwa nkhokwe sikuthyola lichero. Ma ampu, omwe amalembedwa ndi chilembo A, foni imakoka yokha molingana ndi kusowa kwake. Chimene chimaotcha foni ndi mavoti, olembedwa V, akapitirira mlingo umene foniyo inapangidwira. Choncho funso loyenera ndi lakuti chajayo ipereka mavoti angati mukailumikiza.

Tembenuzani chajayo, muyang'ane timalemba tating'ono tija. Pa chaja ya USB-C ya 65W mupeza mzere wofanana ndi uwu:

```
OUTPUT: 5V 3A / 9V 3A / 15V 3A / 20V 3.25A
```

Mavoti angapo ondandalikidwa chonchi, kuyambira pa 5V, ndi chizindikiro chakuti chajayo imatsatira dongosolo lotchedwa USB Power Delivery, lomwe nthawi zambiri limalembedwa PD. Chaja yotere ikakhala pakhoma popanda cholumikizidwa, kumutu kwake sikutuluka moto ayi. Mukabaya foni, chaja imazindikira kuti kwabwera chinthu ndipo imayamba ndi 5V basi, mlingo umene foni iliyonse ya USB imalandira. Kenaka, kudzera mu kawaya kapadera ka m'chingwemo, imauza foni mavoti onse amene ili nawo, foni n'kusankha. 20V ija imatuluka pokhapokha chinthu cholumikizidwacho chitaipempha, ndipo foni yaing'ono siipempha.

Tiyeni titenge foni yomwe malire ake ndi 18W. Ikamva mndandanda uja imasankha 9V, n'kumakoka ma ampu awiri. Mukachulukitsa 9 ndi 2 mupeza 18, ndiwo mawati amene akulowa. Otsala 47 aja sapita kulikonse, chaja siiwatulutsa n'komwe. Batire ikamayandikira kudzadza, foni imachepetsa yokha zimene ikukoka, n'chifukwa chake gawo lomaliza limachedwa. Kafoni ka mabatani kaja sikadziwa n'kuyankha komwe, ndiye chaja imangokhala pa 5V, iko n'kumakoka mwina theka la ampu, mawati awiri ndi theka. Kameneka kamangofuna chingwe chabwino cha USB-C mbali ina, micro-USB mbali inayo.

Tsono pa chaja zakale za laputopu ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe mafoni amafera. Chaja ya kamutu kozungulira, kapena ija ya kamutu kachikasu ka ngodya zinayi ya malaputopu ena a Lenovo, imakhala ndi mzere umodzi wokha, monga `OUTPUT: 19.5V 3.33A`. Imeneyi siifunsa chilichonse. Mukangoibaya pakhoma, mavoti 19 kapena 20 aja ali kale kumutu kudikira. Mutu wake sulowa mu foni, ndipo kusalowako ndi chitetezo. Vuto limabwera munthu akagula kolumikizira kotchipa kopanda chochepetsera mavoti m'kati, kapena akadula chingwe n'kulumikiza mawaya ndi tepi. Foni yoyembekezera 5V ikalandira pafupifupi kanayi kuchuluka kwake, kachipangizo koyang'anira kutchaja pabolodi kamatha kupsa nthawi yomweyo. Mumamva kafungo ka pulasitiki, pakhomo pa chaja pamatentha, ndipo kuyambira pamenepo foni siitchajanso ngakhale ndi chaja yakeyake. Apa kusintha batire sikuthandiza, ntchito imakhala ya pabolodi.

Musakhulupirirenso maonekedwe a mutu okha. Pali tizipangizo tina totchipa tomwe chaja yake ili ndi mutu wa USB-C koma imatulutsa mavoti amodzi osasintha, monga 12V. Mukaona mzere wa OUTPUT wopanda 5V, ibwezeni komwe mwaitenga.

Nthawi zina mumabaya foni pa chaja yabwinobwino ya laputopu koma osaoneka chizindikiro chotchaja. Musathamangire kunena kuti yapsa. Chaja ya USB-C imadikira kuona kachizindikiro kochokera ku tizipangizo tiwiri tating'ono ta pakhomo la foni, totchedwa marezisita a 5.1kΩ, ndipo opanga ena a mafoni otchipa, matochi ndi timawailesi amatisiya pofuna kupulumutsa ndalama. Chaja ikapanda kutiona imangokhala chete. Yesani chingwe cha mutu waukulu wakale uja, wa USB-A, pa chaja wamba, muona ikuyamba kutchaja. Palinso odandaula kuti chaja ya 65W ikuchedwa kuposa ya foni. Zimachitika, chifukwa makampani ena ali ndi njira zawozawo zotchajira mwachangu zimene chaja ya laputopu siizidziwa, ndiye awiriwa amangogwirizana pa 5V. Mafoni a Samsung otchaja pa 25W amafuna chaja yolembedwa PPS kuti afike pa liwiro limenelo. Kuchedwa kumeneku sikuwononga kanthu.

Chimene chimafupikitsa moyo wa batire ndi kutentha. Foni ikamatchaja mwachangu imafunda pang'ono, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Koma mukaisiya pansi pa pilo, kapena pawindo masana a mu Okutobala m'nyumba ya malata, uku mukuonera mavidiyo, batire imakalamba msanga. Ine ndimalangiza kuvula chikuto, kuiika patebulo pamthunzi, ndipo pakatha mphindi khumi muikhudze kumsana. Ikakhala yofunda, zili bwino. Ikatentha moti chala sichingakhalepo, kapena sikirini ikamadzibonya yokha pamene ili pa chaja, zulani msanga ndipo musaigwiritsenso chaja imeneyo. Mukaona kumsana kwa foni kwatukumuka, batire yatupa ndipo siyenera kutchajidwanso pa chaja iliyonse.

Kunena zoona, ndimaopa kwambiri kachaja kopepuka ngati kopanda kanthu m'kati, kogulidwa pamtengo wotsika kwambiri, kuposa chaja imene inabwera m'bokosi limodzi ndi laputopu. Zachinyengo zimatha kulembedwa manambala okongola, koma m'kati mulibe chotchinga chokwanira pakati pa moto wa pakhoma wa 230V ndi foni yanu. Chingwenso chiyang'aneni: chosenda pakhosi, kapena chofuna kuchigwedeza kuti chigwire, chitayeni. Ndipo magetsi akangobwera kumene, dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike musanabaye chaja iliyonse pakhoma.