Mmene mungakambirane ndi alendi pangano la nyumba likamatha

Ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Chankhanga, kuno ku Kasungu, ndipo banja limene likukhalamo likulowa chaka chachinayi. Mlendi wolipira pa nthawi yake ndi wosowa, choncho nkhani yokweza lendi sindiyamba ndi kalata.

Kukatsala miyezi iwiri kuti pangano lithe, pitani nokha madzulo, mukhale pakhonde, mufunse za ana. Kenako nenani kuti: "Achimwene, takhala bwino chaka chino, ine ndikufuna mupitirize. Ndimaganiza chaka china chathunthu, lendi ichoke pa K120,000 ifike pa K140,000. Inu mukuona bwanji?" Tchulani chifukwa chake, monga simenti ndi penti zimene zakwera. Musamufunse yankho pompo, apatseni sabata akambirane ndi akunyumba. Ngati mlendi wanu amadalira fodya, ikani tsiku loyambira pangano nthawi imene msika wa Chinkhoma watsegulidwa, osati mu Januwale pamene aliyense ali pa ngongole ya feteleza. Ena amalola kulipiriratu miyezi itatu mukawachotserako pang'ono.

Pamene ine ndinapsa ndi pa zokonza. Chaka china ndinangolemba kuti "zowonongeka zing'onozing'ono akonza ndi alendi, zikuluzikulu eninyumba." Mu Febuluwale mvula itachuluka, sepitiki inadzadza, madzi onunkha n'kuyamba kutulukira kuseri kwa bafa. Iwo anati ichi n'chachikulu, ine ndinati adzadzitsa ndi iwowo. Tinatha masabata awiri tikungopatsana moni wa pakamwa, aneba akudandaula. Mapeto ake ndinalipira ndine, ndipo munthu amene ndinamupeza wotchipa uja anangopopa theka n'kuzimitsa foni. Opopawa musawapatse ndalama yonse musanasuzumire m'dzenje.

Tsopano ndimatchula chinthu chilichonse ndi dzina lake. Denga likadontha, khoma likang'ambika, waya wa magetsi wa m'khoma, kupopa sepitiki ndi msonkho wa ku khonsolo, zanga. Mababu, maloko, galasi losweka, mpopi wodontha, kutchetcha pabwalo, mayunitsi a magetsi ndi bilu ya madzi, zawo. Pa madzipo lembaninso nambala imene mita ikuwerenga tsiku losainirana, ndipo muone lisiti lomaliza, chifukwa ngongole ya madzi imatsalira pa nyumba, mlendi atapita.

Akavomera, lembani zonse pa pepala limodzi: tsiku loyamba ndi lomaliza, ndalama, tsiku lolipira (ine ndimati pasanadutse pa 5), ndi notisi ya mwezi umodzi mbali zonse. Ngati amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, nenani amene alipire yotapira. Sainani mapepala awiri, mboni mmodzi mbali iliyonse, lina lanu lina lawo. Lanulo lijambuleni pafoni, mapepala amasowa.