Kutumiza ma satifiketi pa linki yokiya

"Achimwene, ndili ku Mangochi, ndikufuna kutumiza CV ndi satifiketi ya MSCE ku loji ina ku Cape Maclear, linki ndiiteteze bwanji?"

Achemwali, pitani pa SwissTransfer, webusaiti yotumizira mafayilo, ndi yaulere. Kwezani mafayilo anuwo, musankhe zoti ikupatseni linki. Kenako muike masiku oti linki igwire ntchito, 7 akukwana, koma ngati intavyu ili patali ikani 30 chifukwa linki ikafa bwanayo sangakufunseninso.

Malire a kudawunilodi musaike 1 chonde, netiweki ya kunyanja kuno imadukaduka ndiye munthu amayambiranso, komanso mwina akuona ndi anthu atatu, ikani 20.

Linkiyo muiikire pasiwedi, koma musailembe mu imelo momwe muli linkimo, itumizeni padera pa SMS. Yesani kaye kutsegula pa foni ina. Dziwani kuti akadawunilodi basi kope yatsala kwa iwo, ndiye chiphaso cha unzika musaphatikizemo asanachipemphe.