Kupeza mpata wa pakati pa maatomu kuchokera pa nsonga ya girafu ya ekisire

Funso: Ndaunika ufa wa kopa ndi ekisire ya λ = 1.5406 Å, ndipo nsonga yoyamba yatulukira pa 2θ = 43.3°. Ndipeza bwanji mpata wa pakati pa magulu a maatomu?

Yambani ndi kugawa 43.3° pawiri, mupeze θ = 21.65°. Makina amalemba 2θ, ngodya ya pakati pa cheza cholowa ndi chotuluka, pomwe lamulo la Bragg limafuna theka lake:

nλ = 2d sin θ

Apa d ndi mpata wa pakati pa magulu a maatomu, λ ndi kutalika kwa funde limodzi la ekisire, ndipo n ndi chiwerengero cha mafunde athunthu. Tanthauzo lake ndi ili. Maatomu amayalana m'magulu osanjikizana, ndipo cheza chonjanja pa gulu lapansi chimayenda mtunda wotalikirapo ndi 2d sin θ kuposa chapamwamba. Mtundawo ukakwana ndendende mafunde athunthu, mafunde onse amaphatikizana mphamvu, nsonga n'kutuluka. Pa ngodya zina amafafanizana.

Tsopano ikani n = 1. Popeza sin 21.65° = 0.3689,

d = 1.5406 / (2 × 0.3689) = 2.088 Å

Maatomu a kopa amayalana mwa fcc, kutanthauza atomu pa kona iliyonse ya kabokosi ndi pakati pa nkhope iliyonse, choncho nsonga yoyamba ndi ya gulu la maatomu lotchedwa (111), ndipo mbali ya kabokosi kake ndi a = d√3 = 3.617 Å.

Musakhulupirire nsonga imodzi. Ngati a ali bwino, (200) ili ndi d = 1.808 Å, ndiye nsonga yachiwiri iyenera kuoneka pafupi ndi 50.4°. Kayang'aneni pa girafupo.

Mukapeza 1.123 Å, mwaiwala kugawa pawiri. Choopsa ndi 2.30 Å, chifukwa imaoneka ngati yoona, chikhalirecho kakyuleta ili pa RAD m'malo mwa DEG.