Momwe mungakambire ndi neba za ngalande imodzi madzi ake akamasefukira kwanu

Mvula ya kuno ku Joni, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, imakonda kugwa masana ndi mabingu, yambiri pa nthawi yochepa. Denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 30 limataya madzi malita 3,000. Ngati neba wakumtunda anawaka simenti bwalo lonse, madziwo amathera pakhomo panu.

Musanakagogode, dikirani mvula ina. Jambulani pafoni pomwe madzi akulowera: kaya ndi timabowo ta m'munsi mwa mpanda, kaya paipi yochoka pa gatala yomwe analozetsa kwanu. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Lamulo la ku South Africa limati wakumunsi alandire madzi otsika mwachilengedwe, koma sakakamizika kulandira madzi amene mnzake wawasonkhanitsa pamodzi kapena kuwachulukitsa ndi zomanga zake. Ngakhale zili choncho, musatseke mabowowo ndi simenti. Madzi akadikha kuseri, mpanda umang'aluka n'kugwa, ndipo pabwalo pamaseweranso ana.

Ngati mumachita lendi, monga ambiri a ife, yambani mwauza eni nyumba, chifukwa okumba ndi kusayina ndi iwowo.

Kenako pezani njira ya madzi musanalankhule, pakuti neba amamva msanga munthu wobwera ndi nzeru kusiyana ndi wobwera ndi mlandu. Tinene kuti kuchokera pampanda kufika kumsewu, kudutsa pabwalo panu, ndi mamita 18. Kumbali kwa neba kukhale kadzenje kowaka ka sefa pamwamba, kosonkhanitsa madzi ndi kugwira masamba. Kuchoka apo, paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110 iyende pansi mpaka kumsewu. Imagulitsidwa mamita 6 iliyonse, ndiye atatu akwana. Izitsika sentimita imodzi kapena kuposa pa mita iliyonse, kutanthauza masentimita 18 njira yonse. Ikagona chopanda kutsetsereka mchenga umakhazikika mkati, ndipo mudzadziwira kadzenje kusefukira pamene kumsewu kukungodontha.

Wina adzakuuzani kuti mungolumikiza kupaipi ya kuchimbudzi poti ili pafupi. Kanani. N'zoletsedwa, ndipo mvula ikakula zonyansa zimabwerera m'nyumba. Ngati pakufunika kudula m'mbali mwa msewu, pemphani kaye chilolezo ku Johannesburg Roads Agency, bungwe loona za misewu ya mumzindawu.

Pitani tsiku louma, mtima utatsika, mutanyamula zithunzi, chojambula cha papepala ndi mtengo wolembedwa ndi mmisiri. Mungayambe motere: "Bambo, madzi akamadikha pampanda wathuwu tonse tidzaluza. Ine ndikulola paipi idutse kwanga, inu muwake kadzenje, za mapaipi tigawane." Asiyireni pepalalo aganize, musawaumirize kuyankha pomwepo.

Mukagwirizana, lembani zonse: wolipira chiyani ndani, wochotsa zinyalala pasefa ndani, paipi ikatsekeka mudzatani. Nonse musayine, aliyense asunge pepala lake. Akakana, alembereni kalata yokhala ndi deti ndi zithunzi, kenako mukadandaule kuofesi yoona zomangamanga kukhonsolo ya mzinda.