Momwe Mungayerekezere Mtengo wa Thonje ndi wa Chimanga Pogwiritsa Ntchito Indekisi

Mlimi wa ku Ngabu kapena ku Bangula akagulitsa thonje, ndalama zambiri zimathera pa chimanga, chifukwa kuno kuchigwa dzuwa sililola kuti aliyense adzaze nkhokwe. Ndiye kumva kuti thonje lakwera mtengo sikukwanira. Funso lenileni ndi lakuti: lakwera kuposa chimanga kodi? Indekisi imayankha zimenezi. Mumasankha chaka chimodzi, mtengo wa mbewu iliyonse m'chaka chimenecho mumautcha 100, kenaka zaka zinazo mumaziyeza kuchokera pamenepo.

Yambani ndi kusankha chaka choyambira, ndipo apa musathamange. Chikhale chaka chimene mvula inagwa mwa masiku onse ndipo misika inkayenda bwino. Chaka ngati 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola minda ku Nsanje ndi ku Chikwawa m'mwezi wa Malichi, sichiyenera. Mukayambira pa chaka chimene chimanga chinali chodula kale, zaka zotsatira zidzaoneka ngati mitengo yatsika kapena yangoima, pamene vuto ndi poyambira panupo.

Kenaka lembani mitengo pa muyeso umodzi. Ine ndimakonda pa kilogalamu. Chigoba cha pamsika chimanamiza: wina amadzaza mpaka kusefukira, wina amasalaza ndi dzanja, ndipo china chimakhala chophwanyika kunsi. Ngati munagula thumba la makilogalamu 50, gawani mtengo wake ndi 50. Mwezi nawonso ukhale umodzi chaka chilichonse, msika womwewo. Chimanga cha mu Febuluwale, nthawi ya njala, sichingayerekezedwe ndi cha mu Juni anthu atangokolola.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tengani mtengo wa chaka chimene mukufuna, gawani ndi mtengo wa chaka choyambira, ndipo yankho mulichulukitse ndi 100.

Tiyese ndi mitengo yongoyerekeza. Tinene kuti chaka choyamba chimanga chinali K200 pa kilogalamu ndipo thonje K400. Zonse ziwiri tazipatsa 100. Chaka chachiwiri chimanga chafika K300, thonje K500. Aliyense anganene kuti zakwera mofanana, poti chilichonse chawonjezera K100. Koma 300 kugawa ndi 200, kuchulukitsa ndi 100, tikupeza 150. Thonje, 500 kugawa ndi 400, kuchulukitsa ndi 100, tikupeza 125. Chimanga chakwera ndi 50 peresenti, thonje ndi 25 peresenti yokha. Mukachotsa 100 pa indekisi, chotsalacho ndiyo peresenti imene mtengo wakwera kuchokera chaka choyambira. Indekisi ikakhala pansi pa 100, mtengo watsika.

Chaka chachitatu chimanga chili pa K500, thonje pa K600. Indekisi ya chimanga ndi 250, ya thonje ndi 150.

Pano ndi pamene ambiri amapunthwa. Chimanga chachoka pa 150 kufika pa 250, ndipo munthu amafulumira kunena kuti m'chaka chimodzi chakwera ndi 100 peresenti. Ayi. Amenewo ndi mapointi 100. Kuti mupeze peresenti pakati pa zaka ziwirizi, gawani 100 ndi 150, pomwe munachokera, n'kuchulukitsa ndi 100: pafupifupi 67 peresenti. Mungatsimikize ndi makwacha: kuchoka pa K300, kukwera ndi 100 peresenti kukanafikitsa mtengo pa K600, osati K500. Mapointi ndi peresenti zimafanana pokhapokha mukuyeza kuchokera pa chaka choyambira.

Gawo lomaliza ndi limene ndimafuna mlimi aliyense wa thonje atalidziwa. Gawani indekisi ya zimene mumagulitsa ndi indekisi ya zimene mumagula, muchulukitse ndi 100. Apa 150 kugawa ndi 250, kuchulukitsa ndi 100, kukutipatsa 60. Kutanthauza kuti belo lomwelo la thonje tsopano likugula magawo 60 okha mwa magawo 100 a chimanga chimene linkagula poyamba. Onani pa sikelo: chaka choyamba thumba la chimanga linali K10,000, ndipo makilogalamu 25 a thonje ankakwanira kuligula. Chaka chachitatu thumba lili pa K25,000, ndipo mukufunika kuthyola makilogalamu pafupifupi 42. Ndalama za m'manja zachuluka, koma ufa wa m'lichero wachepa.

Chitowe, mapira kapena nandolo mungaziwonjezere mwa njira yomweyo, bola zonse ziyambire chaka chimodzi. Indekisi ya chitowe yoyambira 2020 siingaikidwe pambali pa ya chimanga yoyambira 2022. Kumbukiraninso kuti indekisi imanena za liwiro la kukwera basi. Chimanga kukhala pa 250 thonje lili pa 150 sikutanthauza kuti chimanga n'chodula kuposa thonje, ndiponso sikukuuzani mbewu imene ikupindulitsa, poti mtengo wa mankhwala opopera, mbewu ndi aganyu sunalowemo. Zimenezo muzilembe pa tsamba lina la kope lomwelo, chilichonse ndi 100 wakewake wa chaka choyambira chomwe chija.