Nkhani ikathera m'malere: momwe mungaikire kumbuyo maganizo anu

Tiyeni tigwiritse ntchito nkhani ya Frank Stockton ya mu 1882, The Lady, or the Tiger? Mnyamata wapezeka ali pachibwenzi ndi mwana wamkazi wa mfumu, ndipo chilango chake n'chakuti atsegule chimodzi mwa zitseko ziwiri. Kuseri kwa china kuli kambuku wolusa, kwa chinacho kuli namwali woti amukwatire pomwepo. Mwana wa mfumu akudziwa chinsinsi, ndiye akumulozera kumanja. Mnyamata akutsegula, nkhani n'kuthera pomwepo, kutisiyira funso: kunatuluka namwali kapena kambuku?

Choyamba, sankhani mbali ndi kuinena m'chiganizo chimodzi chomwe wina angatsutse. Ine ndimati kunatuluka kambuku. Mukayamba ndi zoti "zikhoza kukhala zonse ziwiri", ndiye kuti mkangano mwauthawa.

Kenako bwererani m'nkhanimo ndi pensulo, muzichonga pomwe wolemba wachedwapo. Apa ndi pamene pagona ntchito. Ambiri amathamangira kunena zomwe iwo akanachita, amvekere "ine sindingaphe munthu amene ndimamukonda". Chabwino, koma wofunsidwa si inu. Wolembayu akutiuza kuti mtsikanayu anatengera magazi aukali a bambo ake. Akutiuzanso kuti namwali wa kuseri kwa chitseko amamudziwa ndipo amadana naye, chifukwa ankamuganizira kuti amaponyerana maso ndi chibwenzi chake. Chachikulu koposa n'chakuti kambuku ankamulota inde, koma ukwati wa awiriwo ankauona m'maganizo kawirikawiri kuposa pamenepo. Mpaka anafika podzifunsa ngati si bwino kuti mnyamatayo angofa, akamudikire kutsidya kwa manda. Umboni wotere, woti mnzanu angathe kuulozera ndi chala patsamba, umaposa malingaliro khumi a m'mutu mwanu.

Mukatero, tulutsani nokha mfundo yamphamvu ya mbali inayo asanakuponyereni. M'nkhani yathuyi mfundoyo ndi iyi: atangoganiza za imfayo, mtsikanayu akunyansidwanso ndi magazi ndi kukuwa kwa m'bwalo. Musaibise. Ivomereni, kenako onetsani kulemera kwake: manthawo akungotchulidwa mwachidule, pomwe nsanje yapatsidwa malo ochuluka.

Samalaninso ndi umboni wolowa konsekonse. Zoti analoza mosazengereza sizithandiza aliyense, pakuti wopulumutsa ndi wakupha onse akhoza kukweza dzanja msanga ngati anaganiza kale. Yesani mfundo iliyonse motere: kodi mnzanga angaitenge n'kuigwiritsa ntchito osasintha kanthu? Ngati angatero, itayeni.

Pomaliza yankhani funso lomwe limagwetsa ambiri: ngati ndi kambuku, bwanji wolemba sanangonena? Yankho langa n'lakuti anafuna kuti chigamulo chonyansacho chituluke pakamwa pa wowerenga. Koma polemba musanene kuti "wolemba ankatanthauza kuti". Nenani kuti "nkhaniyi ikupendekera uku", chifukwa chitseko chija Stockton sanatisonyeze kuseri kwake.