Batire lotupa musaliboole ndi singano

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikuzungulira m'makalabu kulembetsa mayina a ofuna mbewu ndi kutsimikiza manambala awo a foni. Pafupifupi pa msonkhano uliwonse ndaona foni yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: "Chivundikiro chikukana kutseka, alangizi." Chivundikirocho chilibe mlandu. Chikukankhidwa ndi batire lomwe latupa m'kati, ndipo mphirayo akulifinya tsiku lonse m'thumba mwanu.

Kumanga ndi mphira ndi koipa kale, koma chomwe chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi mankhwala atsopano omwe afala chilimwe chino: kuboola batire ndi singano kapena pini kuti akuti mpweya utuluke. Ena akumalipsinja ndi mwala wa mphero usiku wonse kuti liphwe. Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma anthu akuphunzitsana ngati luso.

Batire la foni si chithupsa choti mufinye mafinya. M'kati mwake muli mapepala awiri achitsulo opyapyala, opakidwa mankhwala, okulungidwa pamodzi ngati mphasa. Pakati pa awiriwo pali kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuletsa kuti mapepalawo asakhudzane. Zonsezi zanyowa ndi timadzi tomwe timayaka ngati petulo. Batire likakalamba, likatenthedwa kapena likalandira moto wopitirira muyeso, timadzito timawonongeka n'kutulutsa mpweya. Mpweyawo ulibe potulukira, ndiye thumba lake limafufuma. Kutupa kumeneku kukukuuzani kuti m'kati mwawonongeka kale, ndipo sikubwerera.

Tsono singano yanu ikalowa, imabowola kapulasitiki kaja n'kulumikiza mapepala awiriwo. Moto wonse wosungidwa m'batire umathamangira pa nsonga ya singanoyo nthawi imodzi. Pamatentha, kutenthako kumasungunula kapulasitiki koyandikana, mapepala amakhudzana malo ambiri, ndipo m'masekondi ochepa mukuona utsi woyera, kenako lawi. Mwala wa mphero ndi mphira zimachita zomwezo koma pang'onopang'ono. Ngakhale kampani yaikulu ngati Samsung inagwa nazo: mu 2016 inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankagwira moto, ndipo vuto linali lomweli la mapepala kukhudzana m'kati. Iwowa anali ndi akatswiri ndi makina. Inu mwatenga singano yosokera thumba la chimanga.

"Komatu ine ndinaboola ndipo sichinachitike kanthu." Mawu amenewa anandiuza bambo wina wa m'kalabu ya mtedza, akundionetsa batire lake mokondwa kuti laphwa. Ndinalinunkhiza, linkamveka kafungo kotsekemera ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, chizindikiro choti timadzi tija tikudontha. Ndinawachenjeza, anaseka. Patapita masiku anayi anandipeza pa msika atamanga nsalu ku zala ziwiri. Anasiya foni ikutchajidwa ku batire la sola masana, ili pa matiresi, chitseko chokhoma, iwo n'kupita kudimba. Mwana wawo ndiye anamva fungo. Pamene ankathyola chitseko matiresi anali atapsa theka, neti ya udzudzu yasungunuka yonse, ndipo bamboyo anapsa pokoka foni ndi manja. Nyumba inapulumuka chifukwa ndi ya malata. Ikanakhala yaudzu tikanakamba zina. Foni, matiresi, neti, kope la ngongole za kalabu lomwe linali pansi pa pilo, zonse zinapita pofuna kupulumutsa ndalama ya batire limodzi. Anatha sabata akuyenda kukabwezeretsa simu khadi kuti afike ku ndalama zawo za pa foni.

Anapulumuka tsiku loboolalo chifukwa batire linali lopanda moto, ndipo singano inangodutsa m'mphepete. Koma kabowo kanalowetsa chinyezi, kuwonongeka kunapitirira, ndipo tsiku lomwe linadzaza moto pa malo otentha ndi lomwe linaphulika.

N'chifukwa chiyani zachuluka miyezi ino? Kutentha. Opanga mafoni amanena kuti foni igwire ntchito pa malo osapitirira madigiri 35. Ku Chikwawa ndi Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa 40 pa mthunzi pomwe, ndiye ganizirani m'nyumba ya malata nthawi ya 1 koloko masana, kapena pa zenera pomwe mumaika foni kuti igwire netiweki. Ndipo chizolowezi chakale chija choyanika batire padzuwa kuti "lidzuke" chisiyeni. Munkachita ndi mabatire a wailesi, apa mukungoliphika. Onjezerani matchaja a kapanira aja opanda dzina, ndi nthambo zolumikiza mwachindunji ku batire la galimoto la mavoti 12. Batire la foni limadzaza pa mavoti 4.2 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chotchajira chosadziwa kudula pamenepo chimangolikakamiza kudya litakhuta.

Za kutha moto msanga ndingokhudza pang'ono, popeza si nthawi zonse batire ndilo lalakwa. Kumene netiweki ndi yofooka foni imalimbana kufunafuna nsanja, ndipo imamaliza moto ngakhale batire lili latsopano. Yesani tsiku lomwe mwapita ku boma: ngati kumeneko ikhala tsiku lonse, batire lili bwino. Koma ngati foni ikuzima ikuonetsa 30 peresenti, kapena ikudzaza m'mphindi zochepa n'kutha mofulumira chimodzimodzi, kapena ikutentha mukungoyimba, lakalamba. Mabatire ambiri akadzazidwa n'kutha ka 500 amatsala ndi mphamvu pafupifupi 80 pa 100, ndiye kwa wotchaja tsiku ndi tsiku ndi chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Pamenepo gulani lina lisanatupe.

Chochita n'chachidule. Ngati batire limachotseka, liikeni pa tebulo losalala n'kulizunguza ndi chala. Labwino limakana, lotupa limazungulira ngati nguli. Pa mafoni osatsegula kumbuyo, onani ngati galasi layamba kutukuka m'mbali kapena foni ikugwedera mukaigoneka. Mukaona zimenezi zimitsani, musatchajenso ngakhale kamodzi, ndipo musaikanikize kuti itseke. Yosatsegulayo pitani nayo kwa okonza mafoni, musaitokose ndi mpeni. Pogula latsopano tengani nambala yolembedwa pa lakale, monga BL-5C, ndipo kanani lopepuka modabwitsa kapena lomwe lafufuma kale m'pepala mwake.

Lotupalo matani selotepi pa tizitsulo take, liikeni m'chitini cha mchenga wouma, panja pa mthunzi, kutali ndi nkhokwe ndi ana, mpaka mutafunsa okonza mafoni ngati amalandira akale. M'dzala lomwe mumatentha zinyalala ayi. Likayamba kufuka utsi musaligwire ndi manja ndipo musapume utsiwo: tulutsani ana, litsirireni mchenga wambiri, kapena likankhireni panja ndi khasu, ndipo lisiyeni mpaka mawa lake chifukwa limatha kuyakanso.